Phokoso pang'ono lisiyeni

Mwezi wa Okutobala ndinajambula mawu a malume anga akusimba za mwambo wa Nc'wala ku Mtenguleni. Tinali m'chipinda china ku Chipata, pafupi ndi msewu waukulu wochokera ku Lusaka kupita kumalire a Mwami. Kunkatentha, ndiye fani inkazungulira pakona, ndipo panja mathiraki ndi njinga zamoto sizinkadukiza. Nditafika kunyumba ndinatsegula pulogalamu yaulere ya Audacity, n'kukweza Noise Reduction mpaka 24 dB. Phokoso linatheratu. Koma nditawamvetsa, malume anandiyang'ana nati, "Mphwanga, kodi wandimiza mu damu la Lutembwe?" Mawu awo ankamveka ngati munthu akuyankhula ali pansi pa madzi.

Kumveka ngati madziku kuli ndi chifukwa chake. Pulogalamuyo imagawa mawu m'timizere tambirimbiri, kuyambira manzenene a pansi mpaka a pamwamba, ndipo kamzere kalikonse kamene ikukaona ngati phokoso imakatsitsa. Mukaikakamiza kwambiri, timizere tina timatseguka ndi kutsekeka mwachisawawa, n'kusiya timaphokoso tolira ngati thovu la m'madzi. Imadyanso mchira wa mawu ndi zilembo zofooka monga s ndi f. Zili ngati kupeta mphale mwaukali: gaga amachoka, koma mphale nayo imagwera pansi.

Ndinabwerera ku fayilo yoyamba, imene mwamwayi ndinali nditaisunga padera, n'kuyambiranso. Choyamba ndinagwiritsa High-Pass Filter pa 80 Hz. Kugunda kwa injini za mathiraki kwambiri kumakhala pansi pamenepo, pomwe mawu a mwamuna wamkulu amayambira cha pa 85 Hz. Choncho mudula kugunda kwa injini osakhudza munthu. Mukadula pa 200 Hz, mawu adzaonda ngati a pawailesi yakale.

Kenaka ndinalimbana ndi fani. Fani ndi mdani wosavuta chifukwa kulira kwake sikusintha. Ndinasankha masekondi awiri pomwe malume anali chete, popanda galimoto kapena mpweya wawo, n'kudina Get Noise Profile. Kachigawo kameneka ndiko kamaphunzitsa pulogalamu chimene ikuyenera kuchotsa, ndiye mukalowetsamo mawu a munthu, idzayamba kudya munthuyo. Nditasankha fayilo yonse, ndinaika Noise reduction pa 8, Sensitivity pa 6, ndi Frequency smoothing pa 6. Nambala yotsirizayi imafalitsa kutsitsako kutimizere toyandikana, ndipo thovu lija limachepa.

Musanavomereze, sankhani Residue n'kudina Preview. Pamenepo mumamva zokhazo zimene zikutayidwa. Mukamva fani yokha, zili bwino, bwererani pa Reduce n'kuvomereza. Mukamva mawu a munthu mpaka kuwazindikira, mwapyola muyeso, tsitsani Sensitivity kapena Noise reduction. Mverani ndi mahedifoni, chifukwa sipika ya laputopu imabisa zambiri.

Magalimoto ndi nkhani ina. Njinga yamoto imabwera, kukuwa, n'kupita, ndipo kulira kwake kumasintha sekondi iliyonse, kotero chitsanzo chimene munatenga sichiigwira. Apa ndi pomwe ambiri timalakwa: timakweza nambala pofuna kupha njinga imodzi, n'kuwononga mawu a ola lathunthu. Ine ndinapeza malo asanu ndi awiri oipa. Anayi anagwera pomwe malume anali chete, ndipo ndinawadula n'kuikapo kachidutswa ka phokoso wamba la chipindacho, osati chete weniweni, poti chete wadzidzidzi amadzidzimutsa khutu. Awiri ndinangowatsitsa pang'ono ndi Envelope Tool. Lomaliza linali hutala ya thiraki yomwe inalira pakati penipeni pa dzina la mudzi. Hutala imalira m'timizere tomwe mawu a munthu amadutsamo, ndiye ndinaisiya.

Zonsezi zikanachepa ndikanasamala pojambula. Mukasendeza maikolofoni kuchoka pa masentimita 60 kufika pa 30, mawu amakwera ndi pafupifupi 6 dB pomwe fani ili chimodzimodzi. Mukafika pa 15, mwapindula 12 dB, kuposa 8 amene ndinawavutikira usiku wonse. Tsopano ndimazimitsa fani, kutseka zenera la kumsewu, ndi kujambula masekondi khumi a chipinda chili chete tisanayambe. Galimoto ikadutsa, ndimapempha woyankhula abwereze chiganizocho.

Fayilo yachiwiri ili ndi kafani kapatali, ndipo hutala ija ikadalimo. Malume anaimvetsera mpaka kumapeto ali chete. Hutala itamveka anaseka, nati, "Eya, apa ndiye ndine, ndipo ndili pa Chipata."