Ndalama ya malonda a pa wailesi imabwezadi?

Tiyerekeze wogulitsa mbewu pa msika wa Kapata ku Chipata amene walemba m'buku miyezi inayi. Polengeza malonda pa wailesi analipira K100, K200, K300 ndi K400. Katundu amene anagulitsa anali wa K2,400, K3,100, K3,400 ndi K4,100.

Mukaika manambalawa pa pepala ngati madontho, mzere wowongoka wodutsa pafupi kwambiri ndi madontho onse ukunena kuti malonda ndi K1,900 kuphatikiza 5.4 kuchulukitsa ndi ndalama yolengezera. Tanthauzo lake, kwacha iliyonse yowonjezera pa wailesi ikuyenda limodzi ndi malonda a K5.40.

Koma K5.40 si phindu ayi. Ngati pa kwacha iliyonse ya malonda mumatsala ndi ngwee 15, kwacha yanu yabweza ngwee 81 zokha, ndiye mwaluza.

Chenjeraninso ndi nyengo. Ngati K400 munalipira mu Novembala, mvula yoyamba ndiyo ingakhale itabweretsa alimi, osati wailesi. Mzerewu sudziwanso za K2,000, poti simunalipirepo yotere. Amalonda, lembani miyezi yambiri, yamvula ndi yachilimwe, musanawonjezere ndalama.