Chigubu pa sipanala: 100 N·m si majulo 100

Buku la malangizo a galimoto yaing'ono limanena kuti manati a tayala amangidwe kufika cha m'ma 100 N·m. Nambala yeniyeni imasiyana malinga ndi mtundu wa galimoto, koma muyeso wake ndi umodzi: nyutoni kuchulukitsa ndi mita. Imeneyi ndiye toki, kukula kwa mphamvu yopotokola chinthu. Tsono mukatsegula buku la fizikisi la ku sekondale mupeza kuti julo, muyeso wa eneji, nayonso ndi nyutoni imodzi kuchulukitsa ndi mita imodzi. Mwana wa maso m'kalasi sachedwa kufunsa: kodi makaniko akamanga nati kufika 100 N·m, ndiye kuti walowetsamo majulo 100?

Ayi, sanatero. Koma yankho limene ana ambiri amalandira, lakuti akatswiri anangogwirizana kuti toki izilembedwa N·m ndipo eneji izilembedwa J, silindikhutiritsa. N'zoona kuti mgwirizanowo ulipo. Ofesi yoyang'anira miyeso ya dziko lonse, imene ili ku Sèvres kufupi ndi Paris, imalangiza kuti julo isamagwiritsidwe ntchito poyeza toki. Komatu lamulolo linabwera chifukwa zinthu ziwirizi n'zosiyana kale. Silo limene linazisiyanitsa. Kusiyanako mukhoza kukuona ndi chigubu cha madzi ndi sipanala basi.

Chigubu cha malita 20 chodzaza madzi chimalemera makilogalamu 20 ndi pang'ono, ndipo dziko limachikokera pansi ndi mphamvu ya manyutoni pafupifupi 200. Chinyamuleni kuchoka pansi, muchiike pa benchi lotalika theka la mita. Mwakoka ndi manyutoni 200, chigubu chakwera theka la mita, ndipo 200 × 0.5 ndi 100. Amenewa ndi majulo 100. Achoka m'thupi mwanu ndipo tsopano ali m'chigubu chimene chakwera chija. Chikagwa pa benchipo muwamva pa chala chakuphazi.

Tsopano tengani sipanala yotalika theka la mita, muikoleke pa nati yochita dzimbiri imene yakana kumasuka. Sipanalayo ikhale chogona, yosapendekera m'mwamba kapena pansi, ndipo kunsonga kwake mupachikeko chigubu chomwe chija. Mphamvu ndi manyutoni 200 omwe aja, utali ndi theka la mita lomwe lija, ndipo 200 × 0.5 ndi 100 basi. Nati ikumva toki ya 100 N·m. Koma yakana, choncho palibe chikusuntha. Chisiyeni chigubucho usiku wonse. M'mawa mudzapeza toki ikadali 100 N·m, chigubu chili pomwe munachisiya, nati sinatenthe, ndipo palibe julo ngakhale imodzi imene yachoka kwina kupita kwina.

Nambala n'zofanana, koma theka la mita lija si limodzi. Pa benchi, theka la mita ndi ulendo umene chigubu chayenda, ndipo chayenda molowera komwe mphamvu ikukokera. Pa sipanala, theka la mita ndi utali wa chitsulo, mtunda umene palibe chinthu chauyenda, ndipo wagona mopingasa ndi komwe mphamvu ikukokera: chigubu chikukokera pansi, sipanala yaloza cham'mbali. Muyeso wa N·m umangonena kuti panali mphamvu ndi utali, ndipo zinachulukitsidwa. Sunena kuti utaliwo unali wa chiyani kapena unaloza kuti.

Kuloza kumeneku si nkhani yaing'ono. Imikani sipanala ija choongoka, nsonga yake iloze pansi penipeni pa nati, chigubu chikulendewera pamenepo. Manyutoni 200 akadalipo, theka la mita likadalipo, koma toki yatha, yafika pa ziro, chifukwa chigubu chikungokoka chitsulo m'litali mwake. Toki imawerenga gawo lokha la mphamvu limene lapingasa sipanala, pomwe eneji imawerenga gawo limene latsata njira yoyenda chinthu. M'mabuku, kumodzi mupezako sin θ, kwinako cos θ. Toki ilinso ndi mbali: ina ndi yomanga, ina yomasula, ndipo anthu awiri akakoka sipanala imodzi molimbana ndi mphamvu zofanana, toki zawo zimafafanizana. Majulo a m'lita ya petulo alibe kumanja kapena kumanzere.

Wina anganene kuti iye akakanikiza sipanala pa nati yokana amatuluka thukuta, ndiye eneji ikutha ndithu. Ikuthadi, koma ikuthera m'minofu yake, imene imagwiritsa ntchito chakudya ngakhale pongogwira chinthu osachisuntha, n'kusanduka kutentha kwa thupi. Ku nati sikufika kanthu. N'chifukwa chake ndasankha chigubu, poti icho sichitopa.

Nanga nati ikavomera? Apa ndi pamene ziwirizi zimakumana, ndipo ndi gawo limene ndimaona kuti limadumphidwa kwambiri. Tiyerekeze kuti mwachotsa chigubu, mukukoka ndi dzanja, manyutoni 200 osasintha, mopingasa sipanala nthawi yonse, mpaka nati yazungulira gawo limodzi mwa magawo anayi a mzungulire wathunthu, madigiri 90. Dzanja lanu layenda m'njira yokhota. Mzungulire wathunthu wa sipanala ya theka la mita ndi mamita 3.14, choncho gawo limodzi mwa anayi ndi masentimita 78.5. Uwu tsopano ndi ulendo weniweni, wotsata komwe mukukokera, ndipo 200 × 0.785 ndi majulo 157. Toki inali 100 N·m, eneji yatuluka majulo 157. Mukanazungulitsa mzungulire wathunthu akanakhala majulo 628. Toki imodzimodziyo yapereka ziro, 157 ndi 628, malinga ndi kukula kwa kuzungulira.

Ndiye lamulo lake ndi lakuti eneji ndi toki kuchulukitsa ndi kukula kwa kuzungulira, W = τ × θ. Koma kuzungulirako sikuyezedwa m'madigiri. Kumayezedwa m'maradiyani, ndipo radiyani imapezeka pogawa ulendo wa dzanja ndi utali wa sipanala. Kwa ife, 78.5 kugawa ndi 50 ndi 1.57, ndipo 100 × 1.57 ndi 157 uja. Taonani chimene chachitika: tagawa masentimita ndi masentimita, muyeso wafafanizika, yatsala nambala chabe. Mukachulukitsa N·m ndi nambala yopanda muyeso, mumatsalabe ndi N·m. Gwero la chisokonezo chonse ndi limeneli. Chinthu chimene chimasandutsa toki kukhala eneji sichisiya chizindikiro chilichonse pa muyeso. Kunena molunjika, toki ndi majulo pa radiyani iliyonse, kungoti radiyaniyo siilembedwa.

Akatswiri a miyeso nawonso radiyani inawasautsa. Pokhazikitsa dongosolo la miyeso la SI mu 1960, anaiika m'kagulu kapadera ka miyeso yowonjezera, ndipo mu 1995 anathetsa kaguluko n'kunena kuti radiyani ndi muyeso wopanda mbali ya utali, kulemera kapena nthawi. Julo yokha inali italandira kale dzina lake mu 1889, chaka chomwe anamwalira James Prescott Joule wa ku Salford, kufupi ndi Manchester, amene anayeza kuchuluka kwa ntchito yofunika kuti madzi atenthe. Toki sinapatsidwe dzina la munthu, inangotsala ndi N·m. Kwa ine, kulemba J/rad kukanapulumutsa ana ambiri, koma pitani mukauze amakaniko a dziko lonse kuti asinthe zolembedwa pa masipanala awo oyezera.

Chenjezo limodzi pa masamu athuwa: nati yeniyeni simakhala pa toki imodzi ulendo wonse. Pomanga imayamba mopepuka, mwina ndi zala chabe, ndipo imafika pa 100 N·m kumapeto kwenikweni, pamene sipanala yoyezera imalira kuti "ke!". Nambala ya m'buku ija imanena za mphindi yomalizayo. Sikuuzani majulo amene mwawononga, ndipo ambiri mwa majulowo sanathere kukoka bawuti, atha ndi kukhulana kwa zitsulo n'kusanduka kutentha.

Amakaniko a m'mbali mwa msewu amadziwa njira ya nati yokana: kulowetsa paipi ku sipanala. Utali ukafika mita imodzi, manyutoni 100 okha amakwana kupereka 100 N·m. Zimaoneka ngati mwapeza mphamvu yaulere. Koma pozungulitsa madigiri 90 aja, dzanja liyenda mamita 1.57, ndipo 100 × 1.57 ndi majulo 157 omwe aja. Paipi yachepetsa kukoka ndi theka, yawirikiza ulendo. Ndipo mukakoka ndi manyutoni 200 pa paipiyo, toki ifika 200 N·m, kuwirikiza kawiri zimene buku linanena, thupi lanu osamva kusiyana kulikonse. Mabawuti a matayala ambiri amathyoka chonchi, makamaka wina akaimirira pa paipi ndi thupi lonse.

Magiya amachita zomwezi mosalekeza. Tengani injini yopereka 200 N·m ikuzungulira maulendo 3,000 pa mphindi, amene ndi maulendo 50 pa sekondi. Ulendo uliwonse ndi maradiyani 6.28, choncho umapereka majulo 1,256. Pa sekondi ndi majulo 62,800, kapena kuti makilowati pafupifupi 63. Ikani giya yoyamba imene imachepetsa liwiro katatu ndi theka. Shafuti yotuluka ku bokosi la magiya ikhala ndi 700 N·m, ikuzungulira maulendo pafupifupi 857 pa mphindi. Toki yakula katatu ndi theka popanda kuwonjezera dontho la mafuta. Ikanakhala eneji, zimenezi sizikanatheka, chifukwa eneji siingabadwe m'bokosi la zitsulo. Mukawerengera majulo pa sekondi mupeza 62,800 omwe aja, kuchotsapo pang'ono amene atentha mafuta a m'bokosimo.

Wosokoneza toki ndi eneji amagwa pa masamu ngati awa. Amatenga 200 ngati majulo a ulendo umodzi, n'kuchulukitsa ndi 50, n'kupeza mawati 10,000. Akayang'ana miyeso, zonse zimaoneka bwino: nyutoni, mita, sekondi, palibe chasowa, chifukwa chimene waiwalacho chilibe muyeso woti chimuulule. Chimene chingamugwire ndi nambala yokha. Makilowati 10 ndi a njinga yamoto yaing'ono, osati a injini ya galimoto, ndipo mukagawa yankho loona ndi lakelo, 62,800 ndi 10,000, mupeza 6.28.