Bajeti yoyamba iyambire pa ndalama yofika m'manja

Wogwira ntchito m'sitolo ku Kamwala akafunsidwa malipiro ake, amatchula ndalama imene anagwirizana ndi abwana. Bajeti zambiri zimafera pomwepa, chifukwa ndalamayo siifika yonse m'manja.

Tiyerekeze mtsikana wokhala ku Kabwata, amene amalandira K4,000 pamwezi. NAPSA imatenga K5 pa K100 iliyonse, ndiye K200 yapita. NHIMA, ya inshuwalansi ya chipatala, imatenga K40. Msonkho sumukhudza poti malipiro ake ndi ochepa. Yotsala ndi K3,760, ndipo nambala imeneyi ndiyo ilembedwe pamwamba pa pepala.

Pansi pake alembe zonse zimene amawonongadi, osati zimene akulakalaka atamawononga. Tinene kuti lendi ndi K1,200, chakudya K1,500, mayunitsi a Zesco ndi makala K400. Minibasi ya K15 kupita ndi K15 kubwerera, masiku 26, ikudya K780. Ya foni K150, ya makolo kumudzi K300. Zonse pamodzi ndi K4,330. Ikupereŵera K570.

Ambiri akaona nambala yotere amapinda pepala n'kunena kuti bajeti ndi ya anthu a ku Kabulonga. Ine ndikukana. K570 ija inkapereŵera kale mwezi uliwonse, kungoti inkaonekera pa 20, ufa utatha, ndipo woitseka anali wa kaloba. Tinene kuti akufuna theka pamwamba: wakongola K570, ubweza K855. Mwezi wotsatira dzenje lija ndi K1,425, malipiro ali omwewo. Chizindikiro choti bajeti yadwala n'chimenechi, kuti ndalama yoyamba kutuluka tsiku lolandira ndi yobweza ngongole ya chakudya chimene munadya kale.

Ndiye K570 itsekedwe papepala, ndalama isanalandiridwe. Lendi siikhudzidwa, ndipo chakudya sindingalangize munthu kuchichepetsa. Koma Kabwata ndi Kamwala n'zoyandikana. Kuyenda pansi m'maŵa, n'kukwera madzulo okha, kukubweza K390. Ya foni itsike kufika pa K70. Makolo auzidwe poyera kuti K200 ndiyo idzafika mwezi ndi mwezi. N'zoŵaŵa kunena, koma kuwalonjeza zambiri kenako n'kuzimitsa foni n'koipa kuposa. Zitatuzi zatseka K570 yonse.

Tsiku lolandira, thumba la ufa la makilogalamu 25 ligulidwe pomwepo, chifukwa pamela amaoneka wotchipa pomwe pakilogalamu ndi wodula. Ya ndiwo igaŵidwe panayi, sabata iliyonse yake. Chilimba chiyambe chadikira. Wosakwanitsa kusonkha amathera kwa wa kaloba yemweyo.

Pali malire ake. Wokhala ku Chelstone sangayende pansi kukafika ku Kamwala. Ngati mwadula zonse zotheka koma dzenje likadalipo, vuto si kusasamala kwanu ayi: pakufunika nyumba yapafupi, wogaŵana naye lendi, kapena ndalama ina yoloŵa. Lembani pepala lanu mwezi uno usanathe.