Maimelo a komiti ya ukwati andikwana

Azakhali,

Ndine mayi wa ana awiri ndipo ndili pabanja zaka zinayi tsopano. Mlamu wanga, mng'ono wa amuna anga, akumanga ukwati woyera, ndiye wapampando wa komiti adalemba imelo imodzi kwa anthu 60, ine ndi amuna anga tili momwemo. Kuyambira tsiku limenelo foni yanga siikupuma. Wina akuti “zikomo”, wina “ndaona”, ena akukangana za mtundu wa nsalu. Sabata yatha imelo yondiitana kumayeso a ntchito idakwiririka m'menemo moti ndidaiona kutatsala tsiku limodzi. Ndikufuna kuwalembera onse kuti andichotse, koma amuna anga akuti apongozi adzati ndikunyoza ukwati wa mwana wawo. Nditani? Ndimagwiritsa ntchito Gmail, amuna anga Outlook yakuntchito.

Wotopa, Lilongwe

Zikomo Wotopa,

Amuna anu akunena zoona. Musalembe imelo yoti akuchotseni, osati chifukwa cha apongozi okha, koma chifukwa imelo yotere ndi nkhuni zoonjezera pamoto womwewo.

Vuto lagona pa kusiyana kwa mabatani awiri. Reply imatumiza yankho kwa munthu yemwe wakulemberani yekha. Reply all imatumiza kwa iyeyo pamodzi ndi aliyense yemwe adiresi yake ili pa To ndi pa Cc. Pa anthu 60, “zikomo” mmodzi wa Reply all amagwera anthu 59. Anthu 40 akatero, ndiye kuti maimelo 2,360 atuluka, inu mwalandirapo 40 opanda nkhani. Mukalemba kuti “ndichotseni”, wina adzati “inenso”, wina adzadzudzula nonse, naye pa Reply all.

Izi zimagwera ngakhale ophunzira. Mu Novembala 2016, imelo yongoyeserera idapita mwangozi kwa anthu pafupifupi 840,000 ogwira ntchito za umoyo mu NHS ku England. Ambiri adayankha onse kuti awachotse, ndipo mayankhowo ndiwo adachedwetsa maimelo enieni a ntchito tsiku limenelo.

Mankhwala anu mu Gmail ndi Mute. Pafoni, tsegulani imelo ya ukwatiyo, dinani timadontho titatu tapamwamba penipeni, osati tili pambali pa dzina la wolemba, kenako sankhani Mute. Pakompyuta ndi chimodzimodzi: tsegulani imeloyo, dinani timadontho titatu ta More, kenako Mute. Mukachita pa chipangizo chimodzi zakwanira, poti zimakhazikika pa akaunti yanu.

Chomwe chimachitika ndi ichi. Nkhani yonseyo imachoka mu Inbox, ndipo mayankho atsopano amangolowa mwakachetechete ku All Mail, foni osalira. Palibe chomwe chafufutidwa. Ndipo palibe amene amauzidwa kuti mwatero, kaya wapampando kaya apongozi. Kwa iwo mukadali m'gulu ngati kale.

Mukafuna kuona pomwe nkhani yafika, lembani izi pamalo pofufuzira maimelo:

```
is:muted
```

Zonse zomwe mudazitontholetsa zidzatuluka. Mukafuna kuti zibwerere, tsegulani nkhaniyo n'kusankha Unmute pa timadontho tomwe tija.

Koma mayi, apa ndiye tcherani khutu. Gmail imabweza nkhaniyo mu Inbox ngati wina wayankha kwa inu nokha. Siiwerenga zomwe zalembedwa m'kati. Ngati apongozi alemba kwa onse kuti “mpongozi wanga, Loweruka ubwere ndi mapoto akuluakulu”, uthengawo udzalowa phee ngati “zikomo” wina aliyense, inu osaudziwa. Loweruka likadzafika mapoto kulibe, mlandu wake udzaposa wa imelo yomwe mumafuna kulemba ija.

Choncho chitani ziwiri. Sankhani nthawi, tinene Lachitatu ndi Lachisanu madzulo ana akagona, yolemba is:muted n'kuwerenga zomwe zalowa. Mphindi zisanu zakwana. Komanso muuzeni wapampando pambali kuti chilichonse chofuna inuyo akulembereni panokha kapena akuimbireni.

Mwina pakatha masiku mudzaona maimelo a ukwati ayambanso kulowa. Musati Mute yakanika. Yang'anani mutu wa imeloyo. Wina akasintha mutu, mwachitsanzo “Ukwati” n'kukhala “Ukwati: za nsalu”, Gmail imaitenga ngati nkhani yatsopano. Imateronso nkhani imodzi ikapitirira maimelo 100. Yatsopanoyo muyenera kuidinanso Mute payokha.

Amuna anu asamale kwambiri, poti batani la Outlook ndi laukali. Limatchedwa Ignore, ndipo silingobisa ayi. Limatenga nkhani yonse, maimelo akale ndi omwe adzabwere, n'kuwaponya ku Deleted Items. Akasintha maganizo ayenera kupita kumeneko, kusankha nkhaniyo n'kudinanso Ignore kuti aleke kuinyalanyaza, ndipo izi zimatheka pokhapokha maimelowo akadali momwemo. Makampani ena amakonza zoti Deleted Items izidzisesa yokha pakapita nthawi. Iwowo ndi mkulu wake wa mkwati. Nambala ya akaunti yosonkhera ndalama, tsiku la chinkhoswe ndi ndondomeko ya mwambo zili mu nkhani yomweyo. Ine ndikuti mpaka ukwati utadutsa, asadine Ignore. Akadina, ayambe alemba penapake zofunikazo. Ndipo nkhani za banja azilandirira pa adiresi yawoyawo, osati ya abwana.

Zonsezi zikuteteza inu nokha, anzanu 59 aja akuvutikabe. Yemwe angazimitse motowu ndi wapampando. Amuna anu amuimbire mwaulemu, osati kumudzudzula pagulu, amupemphe kuti ayambe imelo yatsopano. Pa To aike adiresi yake yomwe, maadiresi a anthu onse aike pa Bcc. Akatero, aliyense amalandira uthenga koma saona maadiresi a anzake, ndipo ngakhale adine Reply all, yankho limapita kwa wapampando yekha. M'menemo alembe mwachidule kuti imelo yakale yatsekedwa, ndipo amene ali ndi funso ayankhe yatsopanoyi.

Bcc ndi ya zilengezo, monga tsiku la msonkhano kapena ndalama zomwe zasonkhedwa. Siithandiza pokambirana, poti anthu samvana. Mkangano wa nsalu ndi wa anthu asanu kapena asanu ndi mmodzi omwe adapatsidwa ntchitoyo. Iwowo akhale ndi imelo yawoyawo, akagwirizana auze gulu kamodzi.

Chomaliza chikukhudza chala chanu. Musanadine Send, werengani maina omwe ali pa To ndi pa Cc. Tsiku lomwe mudzafune kudandaulira mnzanu kuti chopereka chachuluka, kapena kuti apongozi akulamula zonse, Reply all idzakaika mawuwo m'manja mwa anthu 59, ankhoswe ndi apongozi omwe. Gmail ili ndi Undo, koma imakudikirani masekondi 5 okha, ndipo ngakhale mutasintha mu Settings siipitirira 30. Pakompyuta yang'ananinso mu Settings, pa General, kuti Default reply behavior ili pa Reply, osati pa Reply all.

Dinani Mute lero lomwe, ukwati mukavine ndi mtima umodzi. Mayeso a ntchito aja akayenda bwino mudzatiuze.

Azakhali