Mayeso a pa intaneti: yambani mwawerengera batire

Ena mwa inu mukamaliza Fomu 4 mudzafuna sukulu zakunja, ndipo zambiri zimafuna mayeso a Chingerezi. IELTS mutha kukalemba ku British Council ku Lilongwe, pomwe TOEFL iBT Home Edition mumalembera kunyumba, woyang'anira akukuonani pa kamera. Ine maganizo anga ndi akuti kwa mwana wa kuno ku Nsipe, kukwera minibasi pa M1 n'kwanzeru kuposa kulembera kunyumba, pokhapokha zida zanu mutaziyesa mokwanira.

Chifukwa chake n'chakuti pamalo olembera mayeso, magetsi akathima vuto ndi la eni malowo. Kunyumba zonse zili pamutu panu. TOEFL ya kunyumba salembera pa foni. Imafuna laputopu kapena kompyuta ya padesiki yokhala ndi kamera, sipika ndi mayikolofoni, ndipo mahedifoni saloledwa chifukwa makutu ayenera kuoneka.

Tiyeni tiwerengere ngati m'kalasi. Mphamvu yofunika ndi E = P × t. Tinene kuti laputopu yanu ikudya 20 W kamera ikugwira ntchito, ndipo kuonetsa chiphaso, kuonetsa chipinda ndi kulemba zikutenga maola awiri. Mukufunika 20 W × 2 h = 40 Wh. Batire yomwe inali 45 Wh ili yatsopano, ngati yatha mphamvu n'kutsala ndi theka, ili ndi 22.5 Wh basi. Gawani ndi 20 W, mupeza ola limodzi ndi mphindi pafupifupi 8. ESCOM ikathimitsa magetsi poyambirira, laputopu ifera pakati pa mayeso. Kuti mudziwiretu, zulani chaja, yatsani kamera, muimbirane ndi mnzanu pa vidiyo kwa maola awiri, muone ngati batire ndi netiweki zipirire.

Za chiphaso n'zofanana konse kuwiri: dzina lomwe munalembetsa lifanane ndendende ndi la pa chiphaso chovomerezeka, monga pasipoti yosatha ntchito. Ngati pasipoti ikuti Chikondi Mary koma munalembetsa Mary C., akhoza kukubwezani. Khadi la MANEB lomwe munalembera MSCE musalidalire pamenepa.

Kusiyana kwakukulu kuli pa umboni. M'holo woyang'anira amaona yekha kuti simunabere. Kamera imaona mbali imodzi yokha, choncho malamulo ake ngolimba. Muyenera kukhala nokha m'chipinda chotseka, pepala wamba lolembapo silololedwa, ndipo simuchoka pamaso pa kamera. Mng'ono wanu akangolowa kudzatenga ndowa, mayeso akhoza kuthetsedwa ngakhale simunalankhule naye, ndalama n'kupita.

Ena adzati ulendo wa ku Lilongwe ndi malo ogona n'zodula, ndipo akunena zoona. Koma fanizirani ndi kulipira mayeso kawiri. Ngati muli ndi chipinda chokhoma, nyali yosadalira ESCOM yowalitsa nkhope, ndipo laputopu yapirira maola awiri aja, lemberani kunyumba. Chimodzi chikasowa, sungani ya thiransipoti.