Mpweya wa radoni: chofunika ndi mlingo wake komanso maola amene mwaupuma

Mu 1984, injiniya wina wogwira ntchito pamalo opangira magetsi a nyukiliya ku Limerick, m'dziko la Amereka, ankaliza belu la makina oyezera cheza choopsa akamadutsa pakhomo. Chodabwitsa chinali chakuti malowo anali asanayambe kupanga magetsi. Atafufuza anapeza kuti chezacho ankachokera nacho kunyumba kwake, komwe mpweya wa radoni unali utadzaza. Mpweya umenewu suoneka, sununkha, ndipo sutsamwitsa. Pambuyo pa fodya, uli m'gulu la zinthu zikuluzikulu zoyambitsa khansa ya m'mapapo.

Radoni amachokera pansi. M'miyala ndi m'dothi muli yureniyamu, kwina wochepa kwina wochuluka. Yureniyamu amasweka pang'onopang'ono n'kusanduka zinthu zina motsatizana mpaka kufika pa rediyamu, ndipo rediyamu akasweka amabala radoni. Pa mzere wonsewu radoni yekha ndiye mpweya. Zinazo zimakhala zili m'mwala, koma iye amatuluka, n'kulowa m'nyumba kudzera m'ming'alu ya simenti ndi m'mipata ya mapaipi.

Radoni sakhalitsa. Pa masiku osakwana 4, theka lake limakhala litasweka n'kusanduka tizidutswa ta poloniyamu, timene timasandukanso mtovu ndi bisimasi. Tizidutswati timamatirira ku fumbi ndi utsi. Munthu akapuma, radoni wambiri amatulukanso, koma tizidutswa timatsalira m'njira za mpweya n'kumatulutsa cheza chimene chimawononga maselo. N'chifukwa chake anthu okumba miyala m'migodi ya ku Schneeberg, ku Jeremani, ankafa ndi nthenda ya m'chifuwa imene madokotala anazindikira mu 1879 kuti ndi khansa ya m'mapapo. Migodi yapansi yosalowa mphepo yokwanira ndi imene imasunga radoni, kuphatikizapo ina ya golide ku South Africa, komwe miyala yake ilinso ndi yureniyamu.

Radoni amayezedwa m'mabekerelo pa kiyubiki mita iliyonse ya mpweya, ndipo amalemba kuti Bq/m³. Panja amakhala pakati pa 5 ndi 15. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limalangiza kuti m'nyumba asapitirire 100, ndipo kumene zimenezi sizingatheke, asadutse 300.

Koma nambala imeneyi payokha sinena zonse. Iyenera kuchulukitsidwa ndi maola amene munthu wakhala pamalopo. Tiyerekeze kuti bambo amagwira ntchito mumgodi momwe muli mabekerelo 1,000, kwa maola 2,000 pachaka. Tikachulukitsa tikupeza 2,000,000. Mkazi wawo amakhala m'nyumba momwe muli mabekerelo 300 okha, koma kwa maola 7,000 pachaka, kuwerengera ndi ogona omwe. Tikachulukitsa tikupeza 2,100,000. Fumbi ndi kapumidwe ka munthu zimasintha masamuwa, komabe mfundo yake ikuoneka: mayi amene sanalowepo mumgodi akhoza kupuma radoni wofanana ndi wa amuna awo. Ndipo bambowo akaweruka amakawonjezera wa kunyumba.

Choyezera chodalirika ndi kachitini kapulasitiki kosafuna magetsi. M'kati mwake muli kapepala kapulasitiki kamene cheza chimakasiyira timabala tosaoneka ndi maso. Akatswiri amawerenga timabalato ndi makina oonera zinthu zing'onozing'ono. Ikani kamodzi kuchipinda chogona, kena pabalaza, pamwamba pa tebulo kapena shelefu. Musakaike pawindo, pakhomo, kukhitchini kapena m'kabati. Lembani tsiku limene mwaika ndi limene mwachotsa, ndipo mukachotsa katumizeni msanga.

Kasiyeni pamenepo miyezi itatu. Radoni amakwera usiku zitseko zikatsekedwa ndiponso m'nyengo yozizira, n'kutsika masana mawindo akatsegulidwa, choncho kuyeza kwa masiku awiri kukhoza kukunamizani. Khalani monga mwa masiku onse, osatsegula mawindo mwadala. Musadalirenso zotsatira za anansi, pakuti nyumba zoyandikana zimatha kusiyana kwambiri chifukwa cha maziko ake.

Mlingo ukakhala wokwera, matani ming'alu yapansi ndipo tsegulani mavenitileta amene munatseka poopa fumbi. Kumata kokha nthawi zambiri sikukwanira. Njira yamphamvu ndiyo kukumba kadzenje pansi pa simenti n'kuikapo paipi yokhala ndi fani yotulutsira mpweyawo pamwamba pa denga. Mukatero yezaninso miyezi itatu kuti mutsimikize kuti watsikadi. Ngati m'nyumbamo muli wosuta fodya, yambirani pamenepo, chifukwa pa mlingo womwewo wa radoni, wosuta amakhala pa chiopsezo cha khansa chokulirapo maulendo pafupifupi 25 kuposa amene sanasutepo.