Mphiri ikaluma galu, lezala ikhale kutali

Sabata ino ku Minga ndaona galu atatupa mutu ngati dzungu, mphiri itamuluma pamphuno. Mwini wake anali atamutema kale mphini n'kumumwetsa mkaka wosakaniza ndi makala. Timakhulupirira zimenezi chifukwa agalu ena amachira okha njoka ikasiya ululu wochepa, ife n'kumatamanda makalawo. Koma ululu wa mphiri umawononga mnofu ndi kusokoneza kuundana kwa magazi, choncho mphini zimangotayitsa magazi, ndipo zomwetsa mokakamiza zimalowera m'mapapo khosi likatupa. Kumanga mwendo wolumidwa ndi mphira kumangouoletsa. Mvuleni chingwe cha m'khosi kutupa kusanatseke mpweya, mnyamuleni asayende yekha, ndipo thamangirani kwa dokotala wa ziweto ku Petauke.